Kalasi ina 64, ina 58: kodi kusiyanaku nkwenikweni kapena kwangochitika?

Zotsatira za mayeso zikangotuluka, sitichedwa kugamula. Tikamva kuti kalasi ya m'mawa yapeza avareji ya 64 pomwe ya madzulo yapeza 58 pa phunziro lomwelo, ena amati mphunzitsi wa m'mawa ndi katswiri, ena amati ophunzira a madzulo ndi aulesi, ndipo ena amafika pofuna kuti kaphunzitsidwe kasinthe teremu ikubwerayi. Mawu otere amatha kuipitsa mbiri ya mphunzitsi, amathanso kulowa mu lipoti la kafukufuku wa wophunzira wa chaka chomaliza ngati mfundo yotsimikizika. Tisanaloze munthu chala, pali funso limodzi loyenera kuyankhidwa: kodi kusiyana kwa malikisi 6 kumeneku kukanatha kubwera kokha, popanda chifukwa chilichonse?

Chifukwa chake maavareji safanana

Tiyerekeze kuti tatenga ophunzira 20 amene aphunzira limodzi, kwa mphunzitsi mmodzi, nalemba mayeso amodzi. Tawagawa pawiri pochita mayere, kenako tawerengera avareji ya gulu lililonse. Maavareji awiriwo sadzafanana ndendende. Gulu lina lidzagwera ophunzira awiri kapena atatu okhoza kwambiri, lina lidzagwera amene anadwala tsiku la mayeso. Kusiyanako kudzakhalapo ngakhale palibe amene anaphunzitsidwa mosiyana ndi mnzake.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kusiyana pakokha si umboni, chifukwa mayere nawo amabala kusiyana. Chimene tiyenera kudziwa ndi kukula kwa kusiyana kumene mayere amabala kawirikawiri, kuti tiike kusiyana kwathu pambali pake ndi kuona ngati kukuposa.

Malikisi athu

Tigwiritse ntchito chitsanzo chopeka, cha makalasi awiri a ophunzira 10 iliyonse, amene analemba pepala limodzi la malikisi 100.

Kalasi ya m'mawa: 48, 52, 56, 60, 64, 67, 68, 71, 75, 79

Kalasi ya madzulo: 43, 45, 50, 55, 57, 59, 64, 65, 69, 73

Malikisi a m'mawa akaphatikizidwa akwana 640, ndipo tikagawa ndi 10 tipeza 64. A madzulo akwana 580, avareji yake 58. Kusiyana ndi 6.

Tisanawerengere china chilichonse, tiyang'ane mizere iwiriyi ndi maso. Wophunzira wa madzulo amene anapeza 73 waposa anzake 8 a m'mawa. Wa m'mawa amene anapeza 48 waposedwa ndi anzake 8 a madzulo. Makalasiwa alowererana kwambiri. Mkati mwa kalasi imodzi, wapamwamba ndi wapansi atalikirana ndi malikisi 30 kapena kuposerapo, pomwe makalasiwo atalikirana ndi 6 okha. Zimenezi zikutichenjeza kale.

Kuyesa ndi timapepala m'dengu

Pali njira yoyankhira funso lathu imene siifuna masamu ovuta. Tilembe malikisi onse 20 pa timapepala, tiponye m'dengu, tisakanize bwinobwino, kenako titole 10 osayang'ana. Timeneto tititche kalasi yoyamba, totsalato kalasi yachiwiri. Tiwerengere maavareji ndi kulemba kusiyana kwake. Tibwezere timapepala m'dengu, tisakanizenso, titolenso.

Pochita zimenezi tikuyerekeza dziko limene kukhala m'kalasi ya m'mawa kapena ya madzulo kulibe kanthu, ndipo wophunzira aliyense akanapeza malikisi omwewo kulikonse kumene akanakhala. Ulendo wina kusiyana kudzatuluka 1, ulendo wina 4, ulendo wina 8. Njira zogawira timapepala 20 m'magulu awiri a 10 zilipo 184,756, kotero palibe amene angazimalize ndi manja, koma kompyuta imatha. Tikawerenga maulendo amene kusiyana kwafika pa 6 kapena kuposa, posaona kuti yapambana ndi kalasi iti, tipeza kuti zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 5 aliwonse.

Chinthu chochitika kamodzi pa kasanu sichodabwitsa. Dengu lopanda mphunzitsi, lopanda m'mawa kapena madzulo, likutulutsa kusiyana konga kwathu kawirikawiri chotere. Choncho malikisi amenewa paokha sangatipatse mphamvu zonenera kuti kalasi ina ndi yoposa inzake.

Njira yachidule: kuwerengera t

Kale kompyuta zisanabwere, panafunika njira yopezera yankho lomweli ndi pensulo. Anaipeza ndi William Sealy Gosset, amene ankagwira ntchito pa kampani yofulula mowa ya Guinness mumzinda wa Dublin ku Ireland. Pa ntchito yake ankayenera kugamula zinthu poyesa zitsanzo zochepa kwambiri. Anasindikiza zimene anapeza mu 1908 m'magazini ya Biometrika pogwiritsa ntchito dzina lobisalira lakuti Student, ndipo mpaka lero mabuku amalemba dzina limeneli pambali pa chilembo t. Njirayi ili ndi masitepe atatu.

Sitepe yoyamba ndi kuyeza kumwazikana kwa malikisi mkati mwa kalasi iliyonse. Timaona kuti wophunzira aliyense watalikira bwanji ku avareji ya kalasi yake. M'kalasi ya m'mawa, wa 48 ali pansi ndi 16, wa 52 ali pansi ndi 12, ndipo tikapitiriza tipeza mndandanda uwu: −16, −12, −8, −4, 0, 3, 4, 7, 11, 15. Tikangophatikiza manambalawa tipeza 0, chifukwa a pansi ndi a pamwamba amafafanizana. Nchifukwa chake timayamba tachulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe: 256, 144, 64, 16, 0, 9, 16, 49, 121, 225. Onse pamodzi akwana 900.

Nambala imeneyi timaigawa ndi 9, osati 10. Chifukwa chake nchakuti manambala khumi aja ayenera kukwana 0, ndiye tikadziwa 9 mwa iwo, lakhumilo ladziwika kale. Amene ali ndi ufulu wosintha ndi 9 okha. Choncho 900 kugawa ndi 9 ndi 100, ndipo sikweya ruti ya 100 ndi 10. Nambala 10 imeneyi ndiyo imene m'kalasi ya masamu timaitcha sitandadi diviyeshoni. Ikutiuza kuti wophunzira wamba m'kalasiyi ali pa mtunda wa malikisi pafupifupi 10 kuchokera ku avareji. Tikachita chimodzimodzi ndi kalasi ya madzulo tipezanso 900, ndiye nayo kumwazikana kwake ndi 10.

Sitepe yachiwiri ndi kuyeza kugwedera kwa kusiyana kwa maavareji. Avareji ya anthu 10 siigwedera ngati malikisi a munthu mmodzi, chifukwa okhoza ndi olephera amathandizana kuikhazika pakati. Anthu akachuluka, avareji imakhazikika kwambiri. Mlingo wa kugwederaku, umene mabuku amaulemba SE, timaupeza motere, pomwe s ndi kumwazikana kuja ndipo n ndi chiwerengero cha ophunzira:

```
SE = √(s1²/n1 + s2²/n2)
SE = √(100/10 + 100/10) = √20 = 4.47
```

Tanthauzo la 4.47 ndi ili: ngakhale makalasi awiri a ophunzira 10 atakhala ofanana m'zonse, maavareji awo kusiyana ndi malikisi 4 kapena 5 ndi chinthu cha masiku onse.

Sitepe yachitatu ndi kugawa kusiyana kumene taona ndi kugwedera kumeneku:

```
t = (64 − 58) / 4.47 = 1.34
```

Nambala t ikungotiuza kuti kusiyana kwathu kwaposa kugwedera kwa masiku onse kangati. Kwathuku sikunafike ndi kawiri komwe.

Kuwerenga yankho

Tsopano tipite ku tebulo la t limene limapezeka kumapeto kwa mabuku a masamu a kafukufuku. Kumanzere kwa tebulolo kuli mzere wolembedwa df, umene ndi manambala aufulu aja a makalasi onse awiri: 9 ndi 9, pamodzi 18. Pa mzere wa 18, pa mlingo wa 0.05 woyang'ana mbali zonse ziwiri, tipeza 2.10. Kuti tinene kuti kusiyana nkovuta kukufotokoza ndi mayere okha, t wathu ayenera kuposa 2.10. Wathu ndi 1.34, ndiye sanafikepo.

Amene ali ndi kompyuta atha kulemba malikisi a m'mawa mu kolamu A ndi a madzulo mu kolamu B mu Excel kapena LibreOffice Calc, kenako nkulemba:

```
=T.TEST(A1:A10,B1:B10,2,3)
```

Nambala 2 ikutanthauza kuti tikuyang'ana mbali zonse ziwiri, pakuti tisanaone malikisi sitinkadziwa kalasi imene ipambane. Nambala 3 ikusankha njira ya Welch, imene siiganiza kuti makalasi awiriwo ndi omwazikana mofanana, ndipo ndi yabwino kuisankha pamene makalasi asiyana kukula. Yankho lituluka pafupifupi 0.20. Imeneyi ndi nambala yotchedwa p, ndipo ndi yomwe ija tinaipeza m'dengu: kamodzi pa kasanu.

Nambala p imasokoneza anthu ambiri, kotero tiinene bwino. Imayankha funso ili lokha: makalasiwa akanakhala kuti sasiyana kwenikweni, kodi kusiyana kofika pamenepa kukanaoneka kangati? Siinena kuti pali mwayi wa 20 pa 100 woti makalasiwa ndi ofanana, ndiponso siinena kuti pali mwayi wa 80 pa 100 woti mphunzitsi wa m'mawa ndi woposa. Malire a 0.05 nawo si lamulo la chilengedwe. Ndi chizolowezi chimene chinafala kudzera m'buku la Ronald Fisher la 1925, ndipo chimatanthauza kamodzi pa maulendo 20. Palibe kusiyana kwenikweni pakati pa p wa 0.049 ndi wa 0.051, ngakhale wina ali mkati mwa malire ndipo wina ali kunja.

Makalasi akanakhala akuluakulu

Tisinthe chinthu chimodzi chokha. Maavareji akhale omwewo, 64 ndi 58, kumwazikana kukhale komweko, 10, koma kalasi iliyonse ikhale ndi ophunzira 25.

```
SE = √(100/25 + 100/25) = √8 = 2.83
t = 6 / 2.83 = 2.12
```

Tsopano df ndi 48, malire a pa tebulo ndi 2.01, ndipo t wathu wawadutsa. Nambala p yatsika kufika pafupifupi 0.04. Kusiyana komwe kuja kwa malikisi 6, kumene sikunatikhutiritse pa ophunzira 20, tsopano kukuoneka kovuta kukufotokoza ndi mayere okha pa ophunzira 50. Nchifukwa chake munthu akatiuza maavareji awiri okha, sitingamuyankhe. Tiyenera kumufunsa kuti ophunzira analipo angati, ndipo malikisi awo anamwazikana bwanji.

Pamenepa pali msampha wina. Pa makalasi a ophunzira 10 aja sitinapeze umboni wa kusiyana, koma sitinapezenso umboni woti makalasiwo ndi ofanana. Titha kuona zimenezi tikachulukitsa 2.10 ndi 4.47, zimene zitipatsa 9.4, kenako nkuchotsa ndi kuwonjezera nambalayi pa 6. Tipeza malire oyambira pa −3.4 kulekeza pa 15.4. Ndiye kuti malikisi athu akugwirizana ndi nkhani yoti kalasi ya madzulo ndiyo yoposa ndi malikisi 3, akugwirizananso ndi nkhani yoti ya m'mawa ikuposa ndi malikisi 15. Yankho loona ndi lakuti ophunzira anachepa kuti tidziwe. Ndipotu kusiyana kwenikweni kwa malikisi 6 kutakhalapodi, makalasi a ophunzira 10 angakuonetse pafupifupi kamodzi kokha pa maulendo 4. Kuti tikhale ndi mwayi wa 8 pa 10 wokugwira, pamafunika ophunzira pafupifupi 45 m'kalasi iliyonse. Wophunzira amene akukonzekera kafukufuku achita bwino kuwerengera zimenezi asanayambe kutolera malikisi, osati atamaliza.

Pa makalasi a 25 aja malire ake ndi 0.3 mpaka 11.7. Nambala 0 ili kunja, nchifukwa chake tati kusiyana kulipo. Koma kukhoza kukhala kochepa kosafika malikisi amodzi, kapena kwakukulu kofika 12. Lipoti labwino limalemba malire amenewa, osangoti kusiyana kwapezeka.

Zimene t sangatiuze

Tinene kuti t wadutsa malire. Chimene taphunzira nchakuti mayere okha sakukwanira kufotokoza kusiyanako. Chimene chabweretsa kusiyanako sitinachidziwebe. Dengu lija linagawa ophunzira mosakondera, koma makalasi enieni sagawidwa choncho. Ophunzira a madzulo ambiri amakhala atagwira ntchito tsiku lonse, ena ali ndi mabanja, ena anasiya sukulu zaka zingapo zapitazo. Ngati makalasiwo anali osiyana kale teremu isanayambe, malikisi 6 aja sanena kanthu za mphunzitsi. Njira yodziwira ndi kuyang'ana malikisi a ophunzira omwewo pa phunziro la teremu yapita kapena pa mayeso olowera. Ngati kalasi ya m'mawa inali kale patsogolo ndi malikisi 5 kapena 6, nkhani yatha pomwepo.

Tifunsenso kuti anachonga mapepala ndani. Ngati mphunzitsi aliyense anachonga kalasi yake, mwina tikuyeza dzanja la wochonga osati nzeru za ophunzira. Mankhwala ake ndi kusakaniza mapepala onse, kubisa mayina, ndi kuchonga potsata ndondomeko imodzi.

Palinso vuto lina kwa amene akufuna kuyerekeza njira ziwiri zophunzitsira. Ngati njira yatsopano inayesedwa m'kalasi imodzi yokha, ndi mphunzitsi mmodzi, m'chipinda chimodzi, pa ola limodzi, ndiye kuti njirayo, mphunzitsiyo, chipindacho ndi olalo zonse zamangidwa mtolo umodzi. Ngakhale ophunzira atakhala 100, mphunzitsi akadali mmodzi. Kuti timasule mtolowo pamafunika makalasi angapo pa njira iliyonse.

Zolakwika zitatu zofala

Choyamba ndi malikisi amodzi osokoneza onse. Tiyerekeze kuti wophunzira wa madzulo amene anapeza 43 sanalembe mayeso, ndipo m'kaundula munalembedwa 0. Avareji ya kalasiyo itsika kufika 53.7, kusiyana kukwera kufika 10.3, ndipo aliyense woyang'ana maavareji okha adzidzimuka. Chizindikiro cha vutoli ndi kumwazikana, kumene kudumpha kuchoka pa 10 kufika pafupifupi 21. Kalasi imodzi ikamaoneka yomwazikana kawiri kuposa inzake, tibwerere ku mndandanda wa malikisi tikaone amene ali patali yekha. Amene sanalembe asawerengedwe ngati wapeza 0, ndipo lipoti linene kuti anachotsedwa ndi angati komanso chifukwa chake. Koma wophunzira amene analembadi napeza malikisi ochepa sitimuchotsa pofuna kuti yankho litikomere.

Chachiwiri ndi kusokoneza makalasi awiri ndi kalasi imodzi yoyesedwa kawiri. Ngati ophunzira omwewo analemba mayeso kumayambiriro ndi kumapeto kwa teremu, malikisi awo amayenda awiriawiri. Pamenepo timachotsera malikisi oyamba a munthu aliyense pa malikisi ake achiwiri, nkuyesa kusiyana kumeneko. Pa kompyuta nambala yomaliza ija imakhala 1 m'malo mwa 3, ndipo wophunzira aliyense ayenera kukhala pa mzere umodzi m'makolamu onse awiri.

Chachitatu ndi kusakasaka mpaka china chipezeke. Malire a 0.05 amavomereza kunyengeka kamodzi pa maulendo 20 pamene kusiyana kulibe. Munthu akayerekeza makalasi pa maphunziro 20 osakhudzana, ngakhale pasakhale kusiyana kwenikweni paliponse, mwayi woti phunziro limodzi kapena angapo adutse malire ndi pafupifupi 64 pa 100. Akalemba limodzi lokhalo nabisa 19 enawo, owerenga asocheretsedwa ngakhale masamu ake ali olondola. Funso lisankhidwe malikisi asanaonedwe, ndipo zonse zimene zinayesedwa zilembedwe.

Mmene tingalembere zotsatira

Pa makalasi athu a ophunzira 10 aja, chiganizo choyenera kulowa mu lipoti kapena kunenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi chikhoza kukhala chotere: kalasi ya m'mawa, ya ophunzira 10, inapeza avareji ya 64, ndipo ya madzulo, ya ophunzira 10, inapeza 58, kumwazikana kuli 10 m'kalasi iliyonse. Kusiyana kwa malikisi 6 kunapereka t wa 1.34 pa df 18 ndi p wa 0.20, ndipo kusiyana kwenikweni kukhoza kukhala paliponse pakati pa −3.4 ndi 15.4. Malikisi amenewa sakukwanira kusonyeza kuti kalasi ina ndi yoposa inzake.

Chiganizo chotere chimapatsa wowerenga zonse zofunika kuti awerengere yekha ndi kutitsutsa ngati talakwitsa. Chimasonyezanso choyenera kuchita kutsogolo: kusunga malikisi a materemu angapo mpaka ophunzira akwane, kulemba malikisi amene aliyense anayambira, ndi kuchonga mapepala onse pamodzi. Zimenezi zikachitika kusiyana kwa malikisi 6 nkupitirirabe teremu ndi teremu, pamenepo mpamene tingakhale pansi ndi aphunzitsi awiriwo nkufunsa chimene chikuchitika m'mawa chimene sichikuchitika madzulo.